Chikalata choitanira ana kukatemera: mawu oyenera kulemba pansi pa chithunzi

Sabata yomaliza ya Epulo ikamayandikira, zipatala zambiri zolipira zimakonza chithunzi choti chimatidwe pageti ndi kutumizidwa m'mafoni a makolo. Sabata imeneyi ndi ya katemera mu Afirika yense, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaiyambitsa mu 2011. Chithunzi sichivuta kupeza: namwino akumwetulira, khanda lili pamiyendo pa mayi ake. Mutu umazungulira pa mizere ingapo yolembedwa pansi pake. Mizere imeneyi imawerengedwa ndi mayi amene waima pamalo okwerera minibasi, mwana ali kumbuyo, ndipo akangoiwerenga amasankha kubwera kapena kupitirira.

Tiyerekeze chipatala chaching'ono cholipira m'tauni ina, cha zipinda zinayi, filiji imodzi ya katemera ndi namwino wamkulu mmodzi. Ntchito yolemba aipereka kwa mnyamata wa pakauntala chifukwa ndiye amadziwa za kompyuta. Iye akufuna benchi lidzaze, choncho walemba motere, pansi pa chithunzi cha mwana wodzala ndi zilonda za chikuku:

"CHIKUKU CHIMAPHA! Musadikire kuika maliro. Kholo lokonda mwana wake silizengereza. Bwerani lero!"

Mnyamatayo sananame. Chikuku chimaphadi, ndipo Malawi akudziwa bwino zimenezi. Mu 2010 chinagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 300. Poliyo nayenso, amene ambiri ankati anatha kalekale, anapezeka mwa mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe, ndipo boma linalengeza nkhaniyi mu Febuluwale 2022. Komabe namwino wodziwa ntchito yake akawerenga mizere imeneyi amaibweza.

Chifukwa choyamba n'chakuti mulibe chimene kholo lingagwiritse ntchito. Abwere mwana wa msinkhu wanji? Nthawi yanji? Atenge chiyani? Alipira zingati? Mayi wauzidwa za maliro, koma za ola lotsegulira sanauzidwe. Chifukwa chachiwiri chili pa mzere wa "kholo lokonda mwana wake". Amene sabata ya katemera ikumufuna kwambiri si mayi amene sanaphonyepo sikelo. Ndi uja amene anapita kumudzi kukadwazika apongozi, miyezi inayi n'kudutsa, ndipo tsopano kabuku ka mwana kali ndi mipata. Mayi wotere ali kale ndi manyazi, ndipo chimene akuopa kwambiri ndi kukalipiridwa pamaso pa anzake. Akawerenga kuti kuzengereza ndi kusakonda mwana, amaona kuti kukalipira kuja kwayambira pageti pomwepo, n'kubwerera.

Palinso umboni wakuti chithunzi choopsa chikhoza kubala zosiyana ndi zimene wolemba amafuna. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2014 ku Amereka, makolo oposa 1,700 anaonetsedwa mauthenga osiyanasiyana okhudza katemera wa chikuku. Palibe uthenga umene unawonjezera chidwi chawo chokabayitsa mwana. Amene anaonetsedwa zithunzi za ana odwala anayamba kukhulupirira kwambiri mphekesera yakuti katemerayo amawononga ubongo wa ana, ndipo amene anawerenga nkhani yomvetsa chisoni ya khanda lodwala anayamba kuopa kwambiri zovuta zobwera ndi katemera. Makolo a ku Amereka si a ku Mchesi kapena ku Bangwe, koma kagwiridwe ka mantha n'kofanana. Munthu akaona mwana wovutika pafupi ndi liwu lakuti katemera, mtima wake umalumikiza ziwirizo, ngakhale wolemba ankafuna kuziyika molimbana.

Atabwezedwa, mnyamata uja amatembenukira mbali ina. Chithunzi chasintha, tsopano ndi mwana wonenepa akuseka, ndipo mawu akuti:

"Katemera wathu ndi wamphamvu kuposa wina aliyense! Chitetezo cha 100%. Alibe vuto lililonse. Mwana wanu sadzadwalanso."

Apa ndiye pali ngozi yaikulu kuposa poyamba, chifukwa mizere inayi yonseyi ndi yabodza, ndipo bodza lake limaululika msanga.

Mawu akuti "wathu" ndi oyamba kufufutidwa. Katemera wa ana amene ali pandandanda wa boma ndi mmodzimodzi kulikonse, ndipo chipatala cholipira chimene chikuchita nawo ntchitoyi nthawi zambiri chimamutenga kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya pabomapo. Botolo limene namwino wa chipatala cholipira akutsegula n'lofanana ndi limene mlangizi wa zaumoyo wanyamula m'bokosi lozizira popita kusikelo ya pansi pa mtengo. Chipatala chikhoza kunyadira mzere waufupi, mipando yabwino, kapena kutsegula Loweruka. Kunena kuti mankhwala ake ndi oposa a boma ndi kunamiza, ndiponso kumathyola m'nkhongono mayi wopanda ndalama amene tsopano ayamba kukayikira katemera waulere amene mwana wake analandira. Bungwe la Medical Council of Malawi, limene limapereka ziphaso kwa madokotala ndi zipatala zolipira, lili ndi malamulo a khalidwe okhudza kudzitsatsa, ndipo mwini chipatala wanzeru amayamba wawawerenga asanasindikize chilichonse chodziyerekeza ndi anzake.

Nanga 100% uja? Palibe katemera amene amafika pamenepo, ndipo mphamvu zawo zimasiyana kwambiri. Wa chikuku ndi mmodzi mwa amphamvu kwambiri, komabe akabayidwa pa miyezi 9, ana pafupifupi 85 mwa 100 alionse ndi amene thupi lawo limapanga chitetezo. Otsalawo ndiwo chifukwa chake pali jakisoni wachiwiri pa miyezi 15. Choncho wolemba amene wanena kuti 100% wapha yekha chifukwa chobwereranso. Mayi angabwererenji ngati kamodzi kanakwana?

Katemera wa malungo ndiye amaonetsa bwino kuipa kwa kukokomeza. Malawi ndi dziko loyamba padziko lonse kuyamba kumupereka kwa ana kudzera m'sikelo, pa 23 Epulo 2019, m'maboma 11. Amabayidwa kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Pa kafukufuku wamkulu amene anachitika asanavomerezedwe, ana amene analandira majakisoni onse anayi anatsatiridwa kwa zaka pafupifupi zinayi, ndipo zinaoneka kuti pa maulendo khumi amene akanadwala malungo, pafupifupi anayi anapeweka. Anayi mwa khumi, m'dziko limene malungo amadzaza mawodi a ana nyengo ya dzinja iliyonse, ndi miyoyo yambiri. Koma asanu ndi limodzi otsalawo akadalipo. Mayi amene wawerenga kuti "sadzadwalanso" akhoza kupinda neti n'kuisunga m'sutikesi, ndipo mwana akatentha thupi usiku akhoza kunena kuti si malungo, poti anabayitsa. Kuchedwa kwa tsiku limodzi kapena awiri koteroko ndi kumene kumafikitsa mwana kuchipatala atakomoka. Mzere woona ndi wakuti katemerayu amachepetsa malungo, neti ipitirire, ndipo mwana akatentha thupi akayezedwe magazi.

N'chimodzimodzi ndi ena. BCG, uja wosiya chipsera paphewa, ntchito yake yaikulu ndi kuteteza makanda ku mitundu yoopsa ya chifuwa chachikulu monga chogwira ubongo, osati kutseka khomo la TB moyo wonse. Wa rota, wodonthezera m'kamwa pa masabata 6 ndi 10, amalimbana ndi kachilombo kamodzi mwa tambiri toyambitsa kutsegula m'mimba. Mwana wolandira rota adzatsegulabe m'mimba tsiku lina. Ngati chikalata chinalonjeza kuti zimenezi sizichitika, mayi adzauza anzake pamjigo kuti katemera uja ndi wabodza, ndipo adzakhala akunena zimene waona ndi maso ake.

Mawu amene wolemba akufunika ndi aang'ono: "amateteza ku", kenako dzina la matenda, "amachepetsa", "amathandiza kuti matendawo asafike poopsa". Dzina la matenda litchulidwe m'Chichewa chimene agogo akuchidziwa: chikuku, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chibayo, poliyo, tayifodi. Pakabuku pamalembedwa zidule za achipatala, koma pageti palembedwe matenda.

Tsopano mzere wovuta kwambiri, wakuti "alibe vuto lililonse". Eni zipatala ambiri amaukonda chifukwa amaganiza kuti kutchula kutentha thupi kuthawitsa anthu. Koma taganizirani usiku wa tsiku lobayitsa. Khanda la masabata 6 labayidwa pantchafu zonse ziwiri masana. Pofika madzulo thupi lafunda, pobayidwa patupa pang'ono, ndipo likungolira. Bambo afika kuchokera kuntchito n'kufunsa kuti, "Amayi a mwana, mwanayu amuchita chiyani kumeneko?" Ngati mayi anauzidwa kale, ayankha modekha kuti anamwino ananena kuti zimachitika ndipo zitha mawa kapena mkuja, n'kumuyamwitsa pafupipafupi, kumuvula zovala zokhuthala. Ngati anauzidwa kuti palibe vuto lililonse, alibe choyankha. Apongozi anena kuti ananena kale, ndipo pa masabata 10 mwanayo sabwera.

Choncho kutentha thupi kulembedwe, koma pa mlingo wake. Kutentha pang'ono, kulira ndi kutupa pobayidwa zimachitika kawirikawiri ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Katemera wa chikuku ali ndi kachitidwe kake: mwa ana ena kutentha kumabwera mochedwa, patapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, nthawi zina ndi tizidzolo tochepa. BCG amatulutsa kachilonda paphewa patapita masabata angapo, ndipo kamapola kokha popanda kufinya kapena kupaka kanthu. Vuto lalikulu, la thupi kukana mankhwala mwadzidzidzi mpaka mwana kubanika, limachitika pafupifupi kamodzi pa majakisoni miliyoni imodzi, ndipo limabwera m'mphindi zochepa. Ndicho chifukwa chake namwino amapempha kholo kukhala kaye pabenchi kwa mphindi 15 kapena kuposerapo.

Zonsezi sizingakwane pansi pa chithunzi, ndipo siziyenera kukwana. Za BCG ndi za kuchedwa kwa kutentha kwa chikuku ndi za patebulo, pakamwa pa namwino, kwa mayi amene mwana wake walandira katemera ameneyo. Pachikalata pakwane mizere iwiri: chimene chimachitika kawirikawiri, ndi chizindikiro chobwerera nacho msanga. Mzere wachiwiriwu ndi wofunika kwambiri kuno kwathu chifukwa cha malungo. Chikalata chongonena kuti kutentha thupi n'kwachibadwa chikhoza kugoneka kholo tulo pamene mwana wagwidwa ndi matenda ena osakhudzana n'komwe ndi jakisoni. Kutentha kopitirira masiku awiri, kukomoka, kubanika, kapena kukana kuyamwa sizodikira nazo kunyumba.

Chiwerengero cha kamodzi pa miliyoni, ngakhale n'choona, ndi bwino chisalowe. Pa mizere yochepa chonchi diso limagwera pa liwu lakuti kubanika, miliyoni ija osaiona. Mphekesera nazonso zisalowe. Wolemba akhoza kuyesedwa kuti aike mzere wakuti katemera saumitsa ana kapena si wausatana. Kwa kholo limene linali lisanamvepo zimenezo, chipatala ndicho chalidziwitsa. Mafunso otero ayankhidwe pamaso m'pamaso, ndipo chikalata chingonena kuti amene ali ndi funso abwere adzafunse.

Zikachotsedwa zoopseza ndi zokokomeza, pamatsala malo a zimene kholo limafunadi kudziwa. Apa mnyamata wa pakauntala ayenera kusiya kompyuta, apite kuchipinda cha filiji akafunse namwino.

Funso loyamba ndi lakuti m'filijimo muli chiyani. Katemera wa malungo sapezeka pachipatala chilichonse, ndipo wa atsikana woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero anayamba kuperekedwa mu 2019 kudzera m'sukulu. Chimene mulibe m'filiji chisalembedwe. Funso lachiwiri ndi la masiku. Botolo la katemera wa chikuku limakhala la ana khumi, la BCG la ana makumi awiri, ndipo akangolisungunula liyenera kutha pa maola 6, lotsala limatayidwa. Chipatala chaching'ono sichingatsegule botolo la BCG chifukwa cha khanda limodzi tsiku lililonse, choncho ambiri amasankha tsiku limodzi pasabata. Chikalata chonena kuti "katemera yense, tsiku lililonse" chimabweretsa mayi wongochira kumene Lolemba, walipira kabaza, n'kuuzidwa kuti abwerenso Lachitatu. Mzere umodzi wotchula tsiku ukanamupulumutsira ulendo.

Kenako ndalama. Pachipatala cholipira, liwu lakuti "ulere" limafuna kusamala. Ngati katemera ndi waulere koma pakauntala pali ndalama yolembetsa, zonse ziwiri zilembedwe, ndi mtengo wake weniweni. Palibe chimene chimapsetsa mtima ngati kuwerenga "ulere" pageti n'kupatsidwa lisiti mkati. Ngati pali katemera wina wogula amene sali pandandanda wa boma, aikidwe payekha, asasakanizidwe ndi waulere ngati kuti mwana wosamulandira watsalira.

Pomaliza, mayi wa kabuku ka mipata uja. Kwa iye pali chinthu chimodzi choona chimene ambiri sachidziwa: mwana akadumpha mwezi, sayambiranso pachiyambi. Amapitiriza pamene analekezera. Chimfine kapena kachifuwa kochepa nakonso si chifukwa chokhalira kunyumba, namwino ndiye amaona ngati mwana ali woyenera kudikira. Mizere iwiri imeneyi imakoka ana ambiri kuposa chithunzi chilichonse cha maliro.

Akabwerera pakompyuta, mnyamata uja atha kulemba chonchi:

"Sabata ya katemera wa ana, Lolemba mpaka Lachisanu, 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Ana osakwana zaka ziwiri alandira katemera wa pandandanda wa boma, woteteza ku chikuku, poliyo, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chibayo ndi tayifodi, malinga ndi msinkhu wawo. BCG wa makanda ndi Lachitatu lokha. Katemera ndi waulere, ndipo sabata imeneyi palibe ndalama yolembetsa. Tengani kabuku ka mwana. Ngati mwana anadumpha mwezi, bwerani ndithu, apitiriza pamene analekezera. Ana ena amatentha thupi pang'ono kapena kutupa pobayidwa kwa tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira pamenepo, kapena mwana akakomoka, kubanika kapena kukana kuyamwa, pitani kuchipatala msanga. Muli ndi funso? Anamwino alipo."

Si mawu okongola, ndipo mwini chipatala akhoza kudandaula kuti dzina lake silikuwala mokwanira. Atalikanso pang'ono. Wofuna kudula ayambe ndi mndandanda wa matenda, autsitse kufika pa atatu n'kuwonjezera "ndi ena". Tsiku, kabuku, mtengo ndi mzere wa kutentha thupi zisakhudzidwe. Taonaninso kuti akuti "pitani kuchipatala", osati "bwerani kuno". Mwana wokomoka pakati pa usiku apite kumene kuli pafupi ndiponso kotsegula, kaya ndi kwa boma kapena kwa mishoni.

Chithunzi chenicheni chilinso ndi mawu ake. Singano yaikulu yojambulidwa pafupi imachititsa nthumanzi ngakhale akuluakulu, pamene mwana akulandira madontho m'kamwa, kapena namwino akulemba m'kabuku, zimanena nkhani yomweyo mofatsa. Ngati mwana wa pachithunzi ndi wa pachipatala pomwepo, makolo ake avomere kaye, makamaka molemba, atauzidwa kuti chithunzicho chikangolowa m'mafoni sichibwereranso. Kabuku kakaoneka pachithunzi, dzina ndi zolembedwa mkati zisawerengeke, chifukwa m'menemo mumalembedwanso zachinsinsi za umoyo wa mayi ndi mwana.

Chisanapite kosindikiza, chikalata chiyesedwe kawiri. Namwino wamkulu awerenge mzere ndi mzere, akudzifunsa ngati angathe kunena mawu amenewo akuyang'ana kholo m'maso. Mzere umene angaunene mochita kukhosomola uchoke. Kenako chiwerengedwe mokweza kwa munthu amene si wachipatala, kaya mlonda wa pageti kapena mayi wogulitsa mandasi panja. Akamaliza kumva afunsidwe kuti abwera liti, atenga chiyani, alipira zingati, ndipo achita chiyani mwana akatentha thupi usiku. Pamene wakakamira poyankha ndi pamene pafunika kulembanso. Ndipo sabatayo ili mkati, katemera wina akatha m'filiji, mzere wake ufufutidwe pageti tsiku lomwelo ndipo uthenga watsopano utumizidwe m'mafoni.

Kwa inu makolo amene muona zikalata zotere Epulo akubwerayu, musadikire kuti chikalata chikuopsezeni kapena kukunyengererani. Tsegulani kabuku ka mwana patsamba la katemera, muyang'ane mzere wa chikuku chachiwiri, wa pa miyezi 15, umene umaiwalika kawirikawiri chifukwa mwana amakhala wayamba kuyenda ndipo sikelo yayamba kuzirala. Ngati pamenepo palibe tsiku lolembedwa, nyamulani mwana ndi kabukuko mupite kusikelo imene ili pafupi nanu. Kuchipatala cha boma simulipira kanthu.